Dothi Lopepuka la Saveta

Domnica anayamba kutsokomola pakati pa mwezi wa Juni, nyengo yotentha kudziko lakwawoko, monga anachitira chaka chatha ndi chaka chinacho. Bambo ake, Toader, anali panja akunola chikwakwa chomwetera udzu wa ng'ombe pamene anachimva chifuwacho kudutsa pawindo. Chinali chouma, chogogoda pang'onopang'ono, ndipo pokoka mpweya pankamveka kamluzu. Mwala wonolera unamugwa m'manja.

Chifuwa chimenechi ankachidziwa bwino. Saveta, mkazi wake, anatsokomola chomwecho nyengo yonse yachisanu mpaka anamunyamula kupita naye kumanda kuphiri. Toader sanali munthu wamantha. Kunkhalango kumene ankagwira ntchito yogwetsa mitengo anakumanapo ndi chimbalangondo, ndipo chimbalangondocho n'chimene chinapatuka. Koma kumva mawu a mkazi wakufa akutuluka pakhosi pa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kunkamuopsa.

Mlongo wake wamkulu, Aglaia, amene mpanda wake unagundana ndi wa Toader, anali atamva kale. Mayi ameneyu makutu ake ankafika ngakhale kumene sanaitanidwe.

"Wamva?" anatero atatsamira mpanda. "Wabweranso. Chaka chili chonse, udzu ukangofika pomwetedwa, ndiye nthawi yake."

"Achemwali, tasiyani zimenezo m'mawa muno."

"Ndisiye chiyani? Mwana akukukuta mano kutulo, nkhope yayera ngati kandulo, adya mbale ziwiri koma manja ngati timitengo. Ukuganiza chakudyacho chikupita kwa ndani? Mayi amene wasiya mwana mmodzi yekha sagona kumanda, Toader. Akumuitana."

"Anamwino anati ndi njoka za m'mimba."

"Njoka zimatsokomola? Iwe ndi sukulu yako ya makalasi anayi!"

Toader anatola mwala wake. Funso limenelo iyenso linkamuzunguza.

Za njokazo zinali zoona. Chaka chimene Saveta anamwalira, sukulu itatsegulira mu Seputembala, ana onse anapereka chimbudzi m'timabotolo kuti akachiyeze, ndipo cha Domnica chinapezeka ndi mazira a njoka. Namwino wa m'mudzimo, mayi Veturia, anam'tafunitsa piritsi, namwetsanso Toader lake, ndipo tsiku lachiwiri mwanayo anatulutsa njoka zoyera, zazitali ngati pensulo yatsopano. Kenako Veturia anabwera kunyumba, nayenda molunjika kuseri, naima pakati pa chimbudzi ndi kadimba ka masitiroberi ka malemu Saveta.

Sanafunse n'komwe. M'mudzimo aliyense ankatero kuyambira makolo: chisanu chikatha ankatapa za m'chimbudzi n'kuthira m'dimba, ndipo masitiroberi a Saveta ankatchuka mpaka kumsika. Veturia anafotokozera Toader kuti mazira a njoka amatuluka ndi chimbudzi, amakhwimira m'dothi, ndipo amatha kukhalamo amoyo zaka zambiri, chisanu osawapha. Sitiroberi imagona pansi, khungu lake lili ndi timaenje, mwana amangothyola n'kuponya m'kamwa.

Toader anamvera zonse, ndipo anachita mopitirira. Anazula kadimba konse, natembenuza dothi mwakuya, nadzalapo udzu, natchinga ndi waya. Chimbudzi anakumba china kutali, chakalecho anakwirira. Pakhomo anapachika kachidebe ka madzi ndi sopo womangirira pachingwe. Lamlungu lililonse ankawenga zikhadabo za mwanayo ndi manja ake ogwira nkhwangwa aja, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Anyezi, kaloti, chilichonse chochokera pansi chinkatsukidwa pamadzi oyenda, ndipo chodyedwa chachiwisi ankachithiranso madzi otentha. Anzake kunkhalango anam'patsa dzina loti Dokotala.

Piritsi la kusukulu linkabwera kawiri pachaka, sukulu ikatsegulira ndiponso chisanu chikatha, ndipo Domnica sanaphonyepo. Atayezedwa chisanu chitatha anapezeka wopanda kanthu. Toader anagula kachasu, naitana anzake. Koma Juni atafika chifuwa chinabweranso, ndipo mu Okutobala mwanayo anasanza njoka yamoyo pakati pa kalasi, aphunzitsi n'kukwera pampando. Kuyambira tsikulo anzake anasiya kugawana naye buledi. Tsopano chifuwa chinali chitabwera kachitatu.

Masana a tsiku lomwelo anapita naye kukachipatala ka m'mudzi. Veturia anali mayi wamfupi, wosuta fodya ngati msilikali, wolalatira aliyense mofanana, wansembe ndi woledzera. Anamvetsera pachifuwa pa mwanayo, nayang'ana m'zikope, nagwira mimba, kenako anamutuma panja kukaona ana a mphaka.

"Bambo a Domnica, khalani pansi, mukunditchingira kuwala. Si chifuwa cha mayi ake. Tinajambula mapapo chaka chatha mumzinda, munaona nokha."

"Nanga bwanji chikumveka chimodzimodzi?"

"Chifukwa khosi lake ndi la mayi ake, mphuno ndi yanu, tsoka lake. Tamverani. Mwana akameza mazira, amaswa m'matumbo. Tiana take sitikhala pamenepo, timalowa m'magazi, timapita kumapapo, timakwera kukhosi, mwana n'kutimezanso. Pamene tikudutsa m'mapapo m'pamene amatsokomola. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu timakhala takula, ndiye zimene mumaona mu Seputembala zija."

"Ndiye kuti njoka zimatsokomoladi," anatero Toader chapansipansi.

"Mwati chiyani?"

"Ayi, ndimakumbuka achemwali."

"Aglaia mumuuze abwere ndimuyeze lilime. Ine chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti, kuti mwana atsokomole chonchi, sanameze dzira limodzi kapena awiri. Wameza ambiri, mlungu watha kapena winawo, ndipo mwina akumezabe. Piritsi limapha zimene zili m'matumbo tsiku limenelo, silitseka pakamwa. Zikachuluka zimakulungana ngati ulusi n'kutseka matumbo, ndipo mwana woonda chonchi, msewu wathu uwu wopita kumzinda, sindikufuna n'komwe kuganiza. Pali dothi lina limene akugwira. Muli ndi dimba lina?"

"Ndilibe."

"Kwa azakhali ake?"

"Amadzala mbatata ndi nyemba basi, ndipo amathira ndowe za ng'ombe."

"Ndiye m'tsateni. Dothi silithamangitsa mwana, mwana ndiye amapita kudothi."

Pobwerera anamufunsa mwanayo mofatsa ngati amadya kanthu panjira yochokera kusukulu. Domnica anati ayi, maso ali patsogolo. Sanali mwana wabodza, ndipo Toader anachita manyazi kufunsanso.

Loweruka la mlungu womwewo linali la akufa, lija limabwera Pentekoste isanafike, pamene mudzi wonse umakwera kumanda ndi makandulo, buledi ndi tirigu wophika wothira uchi, kukagawira anthu m'dzina la malemu. Toader kumanda sankapitako kupatula masiku ngati amenewa, pamene kusapita kukanakhala nkhani. Chifukwa chake sichinali kuuma mtima. Ankaopa kuti akafika pamenepo sachoka.

Manda a mudziwo ali pachitunda cha miyala ndi dongo lolimba. Tsiku la maliro a Saveta nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, ndipo zibuma zinkagwera pabokosi ngati miyala ya gulaye. Anthu ankadutsa mmodzimmodzi akunena mawu amene amanenedwa pa maliro onse, akuti dothi likupepukire, koma chimene Toader ankamva chinali kugunda kwa zibumazo. Mkazi amene anafa akusowa mpweya, n'kumuunjikira katundu wotero pachifuwa! Chisanu chitangotha anamanga hatchi pangolo, natapa dothi lakuda lofewa la m'kadimba ka Saveta yemwe, limene iye analisamalira ndi manja ake zaka khumi, nakachotsa dongo la pamwamba pa manda n'kuyalapo limenelo. Amayi a m'mudzi anagwetsa misozi, nauza amuna awo kuti aphunzireko. Mizu ina inabwera ndi dothilo, ndipo pasanapite nthawi manda onse anaphimbika ndi masamba a masitiroberi, pamthunzi wa mtengo wa mtedza, pamalo posauma msanga. Aglaia anati chimenecho ndi chizindikiro chakuti malemu wakondwa.

Zonsezi Toader sanaziiwale. Koma namwino anafunsa za dimba, ndipo manda si dimba. Ndiponso ndani amadya chipatso cha kumanda? Ngakhale anyamata akuba maapozi a wansembe sakhudza mtengo womera m'kati mwa mpanda umenewo.

Wansembe atadutsa ndi lubani, anthu anayamba kugawana zakudya. Aglaia anagwada kuyatsa kandulo pamanda a Saveta.

"Taona mmene abiriwira," anatero. "Koma mbalame zake zakuno! Sizisiya ngakhale imodzi yofiira."

Toader anayang'ana. Zipatso zoyera ndi zobiriwira zinalipo zambiri, zofiira zinali zochepa, za tsiku lomwelo. Timapesi tina tinali todulidwa bwinobwino. Ndipo patsinde pa mtanda, kuseri kumene munthu woimirira sangaone msanga, panali timitu tobiriwira ta masitiroberi, tina tatsopano, tina touma, toikidwa mumzere wowongoka. Saveta ndiye ankatero akamadya masitiroberi, kundandalika timitu m'mphepete mwa mbale, ndipo Toader ankamuseka kuti akufola asilikali.

Kwa kanthawi Toader anakhulupirira zonse zimene Aglaia ananenapo chibadwire. Kenako anaona, m'mbali mwa manda, timaenje tiwiri m'dothi lofewa, pamene pamagwada mawondo aang'ono tsiku ndi tsiku.

Anadikira mpaka anthu atatsika. Anauza mlongo wake kuti atsogole, iye ndi mwana abwera pambuyo. Kumanda kunatsala fungo la lubani ndi njuchi zolira pambale za tirigu.

"Domnica, bwera ukhale apa."

Mwanayo anakhala pamwala, natsokomola, nayang'ana mtanda.

"Timitu iti waika ndani?"

Domnica anaweramitsa mutu.

"Sindikumenya, mwana wanga. Ndinayamba ndakumenyapo?"

"Munandifunsa za panjira, ababa. Kuno si panjira. Kuno n'kwa amayi."

"Umabwera liti?"

"Tikaweruka. Ndimadzera kuseri kwa tchalitchi. Ndimazulira udzu, ndimawauza za kusukulu, ndiye amandipatsa. Tsiku lililonse ndimapeza zina zapsa. Inu munazula zakunyumba zija, ndiye amayi anadzala zina kuno kuti ndisasowe."

"Umatsuka?"

Domnica anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa. "Za amayi? Amayi sangandipatse zauve."

Toader anakhala pansi padongo, mwamuna wamkulu miyendo tambalale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anakhala pamkhate wokhawo umene unawatsalira awiriwo. Zaka ziwiri akuwenga zikhadabo, akuwiritsa madzi, akutchinga ndi waya dothi limene mwana sankaligwira n'komwe, pamene linzake analikweza yekha kuphiri pangolo, anthu akumuyamikira.

"Amayi ako sanadzale izi," anatero. "Ndine. Dothi ili ndinalitenga m'dimba muja, lili ndi mazira a njoka omwe aja. Chifuwa chakochi chikuchokera apa."

"Bodza!"

"Ndikanakonda likanakhala bodza."

"Azakhali amati chifuwachi ndi amayi akundilankhula. Ine sindiopa. Ndikatsokomola ndimawamva. Inunso mumawamva, ndimakuonani mumasiya ntchito n'kumvetsera."

Toader anadziwa kuti zinali zoona. Anamunyamula mwanayo ngati khanda, miyendo ikulendewera, natsika naye phiri. Anali wopepuka moti zinamuwawa.

Veturia atamva anazimitsa ndudu, nalankhula osalalata, zomwe sizinkachitika kawirikawiri.

"Ndakhala ndikufunsa anthu za zimbudzi ndi madimba zaka makumi awiri," anatero. "Za manda sindinafunsepo. Chabwino. Piritsi ndim'patsa pompano, la zimene zafika kale m'matumbo. Zimene zili paulendo m'mapapo sindingazidalire kuti zifa, ndiye kumapeto kwa Ogasiti abwerenso amwe lina, inunso mumwe, kenako tiyeze. Akamva mimba kupota kwambiri, kutupa, kapena kusanza zobiriwira, musadikire kuti kuche, mundigogodere. Koma zonsezi n'kutunga madzi ndi dengu ngati dothi lija lili pamtunda."

"Ndikamuletsa kupitako?"

"Mwana kumuletsa kwa mayi ake? Muyese, mudzandiuze. Ndipo mukazula zokha zimeranso, n'zouma mutu ngati eni mudzi uno. Dothilo livundikireni, asaligwirenso."

"Ndi chiyani?"

Onse awiri ankadziwa kuti kumtsinje kuli miyala yaphanthiphanthi.

Aglaia anamva nkhaniyo hatchi ikumangidwa pangolo, ndipo anatuluka mpango uli m'manja.

"Wapenga? Miyala pachifuwa pa Saveta? Iweyo amene unalira kuti dongo likumulemera? Anthu adzati chiyani? Adzati ukumutsekera ngati mzukwa!"

"Anene."

"Akakwiya nanga? Akabwera kudzam'tenga mwanayo ndi mkwiyo?"

"Achemwali, munam'dziwa Saveta. Mwana akagwira mphaka, ankamusambitsa m'manja kawiri. Akanadziwa chimene chili m'dothi lija, miyalayo akananyamula yekha pamutu."

Aglaia analowa m'nyumba mwake n'kutuluka ndi poto wake wamkuwa wophikira jamu, amene sankabwereketsa ngakhale kwa mkazi wa wansembe.

"Musataye zipatsozo," anatero mokalipa. "Moto umapha mazirawo, si choncho? Kapena namwino wakoyo anenanso kuti ayi?"

Anakwera atatu. Domnica anaima patali manja ali kumbuyo, monga anamuuzira, akuyang'ana bambo ake akuthyola zofiira zonse n'kuika m'chidebe. Kenako Toader anazula. Mizu inkatuluka mosavuta, chifukwa dothilo linali lofewadi, lakuda, lonunkhira ngati manja a Saveta madzulo a chilimwe. Anaunjika masambawo pambali kuti akauma awatenthe, nasalaza dothi, natsindira, nayamba kuyala miyala. Wina uliwonse ankautsitsa pang'onopang'ono, mpaka msana kuwawa, kuti usagunde.

"Pepa, Saveta," ankatero chamumtima, ndipo pena mawuwo ankatuluka. "Pepa. Ndikudziwa ikulemera."

Atamata mipata ndi simenti, pamanda panaoneka poyera ndi pouma, ngati pakhonde pa ofesi. Domnica anayandikira, nagwira mwala wa pakati ndi chikhatho.

"Apuma bwanji?"

"Kumene ali sasowanso mpweya, mwana wanga. Wofunika kupuma ndiwe."

Mwanayo sanamulankhule masiku angapo. Jamu anatuluka wochepa, kabotolo kamodzi, atatsukidwa pamadzi oyenda n'kuwira mpaka kuda. Domnica anakaika pawindo la kuchipinda kwake, ndipo ankanyambita kansonga ka supuni Lamlungu lokha, atasamba m'manja popanda womuuza. Kumanda anapitirizabe kudzera. Ankakhala pamiyala n'kunena za kusukulu, ndipo pena ankasiyapo maluwa m'chitini.

Kumapeto kwa Ogasiti anamwa piritsi lachiwiri, zinatuluka zambiri, ndipo Toader atazikwirira m'chimbudzi anakhala nthawi yaitali atagwira chitseko, akuganiza za ulusi wokulungana uja. Poyeza pambuyo pake sanapeze kanthu. Chisanu chitatha, ayi ndithu. Masaya anayamba kubwerera, nsapato zinamuthina, ndipo tsiku lina anabwera kunyumba atang'ambika malaya chifukwa chomenyana ndi mnyamata amene anamutchula dzina la njoka. Toader anamudzudzula pang'ono chabe, mwamwambo.

Juni anafikanso. Udzu unakula, nufika pomwetedwa. M'mawa uliwonse Toader ankakhala panja pafupi ndi windo lija, chikwakwa pamwendo, mwala m'manja, ndipo ankanola pang'onopang'ono kuti phokoso lisatseke makutu. Mlungu woyamba unadutsa, wachiwiri, wachitatu. M'nyumba munkamveka supuni kugunda kapu, mpando kukokedwa, mwana akuimba nyimbo ya kusukulu molakwitsa mawu.

Anakondwa, ndipo anathokoza Mulungu ndi mtima wonse. Koma m'mawa wina, mwezi ukupita kumapeto, anazindikira kuti wasiya kunola ndipo akudikirabe, khutu lili kuwindo, ngati munthu woyembekeza mlendo amene amabwera chaka ndi chaka. Chisoni chimene sanachimve bwino ngakhale pa tsiku la maliro chinamugwira pamenepo, pakhomo pake, dzuwa likuwala. Saveta sanali kubweranso, ndipo amene anamutsekera njira anali iye mwini.

Domnica anatuluka ndi buledi m'manja, tsaya lili tutumu.

"Ababa, mukulira?"

"Ndi udzu, walowa m'maso. Wasamba m'manja?"

Mwanayo anamuonetsa zikhatho zonse ziwiri, zikadali zonyowa, nathamangira kusukulu. Toader anamuyang'ana mpaka anakhota pa mpanda wa Aglaia, kenako anatola chikwakwa napita kukamweta.